Mayi Daka ndi Buku la Makina Osakaniza

Tsiku limene Bambo Kasoma anakumana koyamba ndi Mayi Deborah Daka, anawayesa wogulitsa zitumbuwa wosochera. Munali mu 2015, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumathima tsiku ndi tsiku. Mayiwo anaima pakhomo la shedi ya fakitale yopanga chakudya cha nkhuku ku Heavy Industrial Area. Anali wamfupi, wa imvi za apa ndi apo, atakwapatira chikwama cha pulasitiki, nsapato zili mbuu ndi fumbi la gaga.

"Amai, vitumbuwa bagulisila ku geti," anatero Bambo Kasoma.

"Mwaniona na beseni?" anayankha mayiwo. "Nifuna ba Kasoma, bamene bangena mu mikisa."

Mikisayo inali makina osakaniza, chimphika chachitsulo chachitali ngati minibasi. M'kati mwake munali mtanda wokhala ndi zipalasiro zotembenuza gaga, soya ndi mchere. Akafuna kusintha kuchoka pa chakudya cha anapiye kupita pa cha nkhuku zoikira, munthu ankalowamo kukapala zotsalira. Munthuyo anali Bambo Kasoma a ku Kanyama, ndipo ntchitoyi anali ataigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chaka chimenecho eni fakitale anagula mikisa yatsopano. Inabwera ndi buku la Chingerezi, ndipo kalaliki wa mu ofesi, Sydney, anamasulira machenjezo ake m'Chinyanja. Injiniya wa pamalopo, a Mukuka, atawawerenga mtima sunakhale pansi, n'chifukwa chake anaitana Mayi Daka, amene ankapemphera nawo mpingo umodzi ku Mtendere.

Mayi Daka anabadwira ku Katete. Anadza ku Lusaka akali namwali, nagwira ntchito yomasulira mawu m'khoti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anaika amuna awo m'manda, analera ana anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo atapuma ntchito ankamasulira timapepala ta kukiliniki ndi ta kutchalitchi. Makina sanawagwirepo chibadwire. Chimene anatuluka nacho m'khoti chinali chizolowezi chimodzi: mboni ikanena mawu amodzimodzi katatu, womasulira awabweze katatu, osawadzoza mafuta.

M'mawa umenewo magetsi kunalibe, shedi yonse ili zii. Mayi Daka anatulutsa pepala la Sydney, nalipereka kwa Bambo Kasoma ndi manja awiri.

"Chitani vimene pepala ikamba. Vimene muziba imwe visiyeni pambali. Ine nizankhala chabe apa."

Anakhala pa thumba la gaga, manja pamiyendo. Bambo Kasoma anawerenga mokweza: "Ndi bwino makina atakhala oima musanalowemo, ngati n'kotheka." Anayang'ana mikisa. Inali itaima. Anakwera makwerero, natsegula chivundikiro, naponya mwendo m'kati.

"Basi, selukani," anatero mayiwo, akuwakodola kuti atsike. "Ndiye mwamene muchitila masiku yonse?"

"Malaiti yakayenda ndiye nthawi yabwino. Tipala, yakabwela tipitiliza nchito."

"Amene ayasha mikisa ni ndani?"

Bambo Kasoma analoza kachipinda kam'mwamba, kumene mnyamata wina dzina lake Kabaso ankakhala pa mabatani oyendetsa makina onse a m'shedi. Kuchokera kumeneko m'kati mwa mikisa simunkaoneka.

"Aziba bwanji kuti muli mukati?"

"Nimamupundila na mau yakulu. Ni mufana wanga uja, sangaibale."

Mayi Daka anawayang'anitsitsa manja. Bambo Kasoma ankati pambuyo pake kuti aka kanali koyamba kuchita manyazi ndi luso lawo.

Mayi Daka anaitana Sydney. Anamuonetsa kuti m'buku la Chingerezi chiganizo chimodzi chinabwerezedwa kakhumi ndi kamodzi osasintha ngakhale liwu: chotsani mphamvu pa swichi yaikulu, ikani loko. Koma pa mapepala ake pena panalembedwa kuti imitsani, pena zimitsani, pena tsekani, ndipo loko anatchulidwa kawiri kokha. Wodina batani lofiira akanati wamvera, wodikira kuti magetsi athime akanatinso wamvera.

"Ku sukulu banatiuza kuti kubweza-bweza mau ni ulesi," anatero Sydney. "Elo ba Kasoma ni saizi ya batate banga. Ningabalamule bwanji monga mwana? Ndiye chifukwa n'nalemba kuti ngati n'kotheka."

"Unaleledwa bwino, mwana wanga," anatero Mayi Daka. "Ulemu uzabapasa ku geti, ubanyamulile na chola. Pa pepala apa ulemu ni kubabweza ku Kanyama na manja yabili."

Anakhala pafakitale milungu itatu, kukwera minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera. Anali ndi kabuku ka ana asukulu m'mene chinthu chilichonse anachipatsa dzina limodzi, ndipo likalowa m'menemo silinkasinthanso. Mainawo ankawatola pakamwa pa antchito. Sanalembe mpiringidzo pamene anthu amati loko. Batani loimitsa analisiyanitsa ndi swichi yaikulu ya pakhoma, pakuti batani limangoimitsa makina, swichi ndiyo imadula mphamvu. Buku la Chingerezi linali ndi mitu itatu ya machenjezo, iwonso anaika itatu. Pofiira analemba NGOZI, kutanthauza kuti ukapanda kumvera ufa kapena uvulala koopsa. Pa mtundu wa lalanje analemba CHENJEZO, kuti zoterezo zingathe kuchitika. Pachikasu analemba SAMALANI, pa zovulaza zazing'ono. Lamulo lililonse linakhala pa mzere wakewake, m'ndondomeko imene manja adzatsate, ndipo chenjezo linkatsogola ntchito isanatchulidwe.

Akamaliza tsamba ankakhala ndi a Mukuka. Mayiwo ankabweza Chinyanja chawo m'Chingerezi pakamwa, injiniya akutsata ndi chala m'buku la opanga makina. Pakasiyana, ankayambanso. Kenaka tsambalo ankalipereka kwa wantchito wina, n'kukhala pa thumba lawo lija kuonerera. Ngakhale munthu atasokonezeka bwanji sankamuthandiza. Kabaso, amene anakulira ku Kitwe ndipo Chinyanja chake chinali cha m'minibasi, ndiye ankamuyesera kwambiri. Akaima n'kukanda mutu, mayiwo ankadula mzerewo ndi pensulo.

"Si iwe walakwa, ni pepala," ankatero.

Panali chinthu chimodzi chimene bukulo silinanene: za kuthima kwa magetsi. Linkalamula kuti ukaika loko udine batani loyatsa, uone kuti makina sakuyenda. Mayi Daka anafunsa a Mukuka ngati kuyesa koteroko kuli ndi phindu magetsi kulibe. Injiniya anati ayi, pakuti makina sangayende ngakhale utatseka swichi yolakwika. Anawauza kuti angowonjezera mzere. Mayiwo anakana. Anati womasulira saika mawu ake m'kamwa mwa mboni. A Mukuka analembera kalata opanga makina, yankho litabwera anasaina okha, ndipo mzerewo unalowa pansi monga lamulo la fakitale. Chikwangwani chimene anakhoma pa mikisa chinali chotere:

NGOZI
Mikisa ikayenda muli mkati, mudzafa.
Zimitsani swichi yaikulu.
Ikani loko wanu.
Sungani kiyi m'thumba mwanu.
Dinani batani loyatsa. Onani kuti mikisa siyenda.
Magetsi akapita musanayese, musalowe.

Antchito anadandaula. Nthawi imene kale ankapala tsopano ankangokhala, ndipo kupala kunkawadikira magetsi akabwera. Anawapatsa dzina mayiwo, ankati ba Jaji. Bambo Kasoma nawonso ankang'ung'udza, koma mawuwo anali pa mikisa, m'buku ndi pakhoma la swichi, amodzimodzi ponseponse, ndipo anawalowa m'mutu ngati nyimbo ya kutchalitchi.

Panapita chaka ndi miyezi. Tsiku lina masana, m'mwezi wa Okutobala, kachingwe ka thumba kanakola pa chipalasiro. Inali ntchito ya mphindi zitatu. Bambo Kasoma anadina batani loimitsa, nafuulira Kabaso, nakwera makwerero mpaka pakati. Chikwangwani chinali pamaso pawo. Anatukwana pang'ono, natsika, nayenda mpaka kukhoma. Anazimitsa swichi, naika loko, naponya kiyi m'thumba, nayesa batani. Atatero analowa.

Ali m'kati, magetsi anathima. Anapitiriza kudula chingwe ndi kuwala kolowera pachivundikiro. Kunja jenereta inalira. Kabaso anali atathamangira kukaona jeneretayo, ndipo pobwera anachita zimene ankachita nthawi zonse magetsi akabwera: anadina mabatani onse motsatana. Chigayo cha m'shedimo chinabangula. Malamba anayamba kuyenda. Chitsulo chimene Bambo Kasoma anatsamira chinanjenjemera ndi phokoso la makina oyandikana nawo. Iwo anali atagwada pakati pa zipalasiro ziwiri, china pamsana, china pachifuwa. Anaziyang'ana. Sizinasunthe.

Sanakuwe. Anagwira thumba la ovolosi, namva kakiyi kaja, kochepa ngati chikhadabo. Kenaka analunjika kuchivundikiro. Potuluka anapeza Kabaso ali pansi pa makwerero, atagwira mutu.

Loweruka lake Bambo Kasoma anapita ku Mtendere atanyamula tambala. Anapeza Mayi Daka akuchapa. Mayiwo anamvetsera nkhani yonse manja ali m'beseni, ndipo itatha anafunsa funso limodzi.

"Pali mzere unakuvutani kumvela?"

"Kulibe, amai."

"Ndiye bwino. Nkhuku iyo mangani ku mtengo, izanidyela sopo."

Kuchokera pamenepo Bambo Kasoma ankawachezera kawirikawiri, ngakhale atapuma ntchito. Mayi Daka anamasuliranso mabuku a makina ena angapo, mpaka ng'ala inawaphimba maso. M'chaka chawo chomaliza, tsiku lina anapempha Bambo Kasoma kuti awaperekeze kuchigayo cha pafupi ndi msika, pakuti ankakana ufa wa m'sitolo. Anayenda pang'onopang'ono, bambowo atasenza chimanga, mayiwo atawagwira pachigongono.

Pakhoma la chigayocho panali mawu olembedwa ndi penti, zilembo zokhotakhota. Bambo Kasoma anawazindikira. Anali a pa tsamba la malamba m'buku lija, ndipo ayenera kuti anafika kumeneko ndi wantchito wina amene anachoka pafakitale. Mayi Daka sankawaona. Anasendera pafupi ndi makina kuti amve ufa ndi zala, nsonga ya chitenje ikulendewera.

Mwini chigayo, mayi wojintcha dzina lake Felistus, anawatchinga ndi mkono.

"Ambuya, simuona pa chipupa? Chenjezo. Lamba angakole chovala. Mangani chitenje. Imani kumbuyo kwa mzere."

Bambo Kasoma anatsegula pakamwa kuti anene amene analemba mawuwo, koma anamva zala zikuwatsina pamkono. Mayi Daka anakunga chitenje chawo, nafufuza ndi phazi mpaka Felistus atawauza kuti afika pa mzere. Anaima pomwepo, manja kumbuyo, kudikira ufa wawo.