Pulasitiki Yomvera

Mawu akuti "womvera" ndimadana nawo tsopano. Kusukulu aphunzitsi amanditchula choncho, ndipo kale ndinkamwetulira n'kuyang'ana pansi.

Pa tchuthi chapitachi ndinkapita ndi amayi kuntchito kwawo ku Cuamba, pa kafakitale kosungunula pulasitiki yakale n'kupanga mapaipi akuda othirira mbewu. Ntchito ya amayi inali kusankha. Zigubu zamafuta ankaunjika pazokha, makireti ndi zitsekerero za mabotolo pazokha, zoyezuka ndi dzuwa pazokha. Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa chimwalirireni bambo.

Makina ankayendetsa ndi mtsikana wina wamkulu amene anaphunzira ku Nampula. Ndinkamuti achemwali. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chake amayi amavutika kusiyanitsa zinthu zomwe pansi pake palembedwa nambala imodzimodzi, 2.

Anatola zingwe za thumba losasuka. Zazitali anazipikitsa m'manja n'kundiuza kuti ndisolole chimodzi. Zinabwera zonse, zitakolana. Kenako anadula zina tizidutswatizidutswa. Ndinasolola kamodzi, kanangotuluka.

"Pulasitiki ndi timaunyolo tosaoneka ndi maso," anatero. "Ya chigubu maunyolo ake ndi aatali. Ikasungunuka imakhala yolimba ngati utomoni, imavuta kukankha, koma paipi yake imapirira. Ya kireti ndi aafupi, kuti ithamange kudzaza chikombole. Yoyezukayo dzuwa linaiduladula kale, ndipo moto umawonjezera kudula nthawi iliyonse tikasungunula. Aafupi pang'ono timawafuna, amatereretsa anzawo. Koma omanga paipi kuti isang'ambike ndi aataliwo."

Mwini fakitale, amene onse ankamuti patarau, analandira ntchito yaikulu kuchokera kwa alimi a fodya a ku Ngauma. Ankafuna mapaipi a kunazale dzuwa lisanafike poipa. Zigubu zinali zochepa, makina ankabuula, paipi inkatuluka mwaulesi.

"Mayi, phatikizani milu yonseyi," anatero patarau. Ine ndinali pomwepo, ndikuchotsa mapepala pa zigubu.

"Bambo, izi n'zamakireti, izi n'zowauka."

"Nambala si imodzi? Kapena munayamba liti kuwerenga kuposa ine?"

Achemwali aja anatsutsa. Patarau anaseka n'kunena kuti sukulu ya ku Nampula imaphunzitsa makani. Amayi anaphatikiza.

Mawa lake makina anasiya kubuula. Pulasitiki inkatuluka mothamanga, yonyezimira, ikulendewera pakamwa pa makina isanalowe m'madzi oziziritsa. Patarau anaomba m'manja.

"Mwaona? Iyi ndiye yomvera! Ngati kamtsikana kanuka, mayi. Osati zigubu zamakani zija."

Anandisisita pamutu. Ndinamwetulira, chifukwa ndi zomwe ndinazolowera.

Mapaipiwo anapita ku Ngauma. Poyamba madzi ankayenda bwino. Kenako anayamba kung'ambika m'litali, apa lero, apo mawa, makamaka popindika. Mbande zina zinauma. Alimi awiri anabwera pa shapa, kaminibasi kaja, atanyamula zidutswa, nkhope zili gwa.

Patarau anawalandira ndi manja awiri, n'kuloza amayi.

"Vuto ndi osankhawa. Maso atha. Anandisakanizira zinyalala ine osadziwa."

Achemwali patarau anali atawatumiza ku Mandimba kukagula zigubu m'mawa womwewo. Sindikhulupirira kuti zinangochitika.

Amayi anagwada. Anagwada pa fumbi la pulasitiki, pamaso pa munthu amene anawalamula, n'kunena kuti, "Pepani bambo." Ine amene mawu anga samveka ngakhale pa benchi yakutsogolo, ndinangozindikira ndaimirira, ndikukalipira patarau.

"Munawauza ndinu! Munati nambala ndi imodzi. Munati ndi yomvera."

"Iwe, khala chete," anatero amayi chapansipansi.

Sindinakhale chete. Ndinatola chidutswa cha paipi yakale ya zigubu zokhazokha n'kuchiponda. Chinaphwatalala osasweka. Ndinaponda cha alimi chija. Chinalira kuti thwa, n'kugawikana.

Mlimi wamkulu anayang'ana zidutswazo, kenako patarau. "Mwanayu akunama?"

Patarau analonjeza alimiwo mapaipi ena, anawaperekeza mpaka pamsewu akuseka nawo mokakamiza. Atabwerera anauza amayi kuti asadzabwerenso, chifukwa sangasunge munthu amene mwana wake alibe mwambo.

Tinayenda wapansi kubwerera kunyumba. Ndinkadikira kukalipiridwa. Amayi anangoti, "Ukanangokhala chete bwenzi atandikhululukira."

"Kukukhululukirani chiyani?"

Pafupi ndi njanji amayi anawerama n'kutola chigubu chotayidwa, anachifinya kuti aone ngati dzuwa lachidya, n'kuchiika pamutu. Tsopano amatola zigubu m'misika n'kugulitsa kwa wogula wina. Zoyezuka amazisiya pomwepo, ngakhale wogulayo sangazizindikire zitasakanizidwa.

Sukulu itatsegulidwa, aphunzitsi anandiyamikiranso pamaso pa kalasi kuti ndine womvera. Sindinamwetulire. Anandifunsa ngati ndikudwala.