A Telala Anali M'foni Muja

"Musandiuze za malo, alamu. Malo ake ati? Foni ndi yanga, kudzaza kwake nkwanga. Munafufuta ndinu, ndi chala chanu chonenepacho."

Kasingano ananena zimenezi ataimirira pakati pa shopu yosokera, tepi ili m'khosi, sizasi ili m'manja. Mlamu wake, dalaivala wa lole amene anakwatira mkulu wake, anali pakhomo, phazi limodzi mkati lina kunja, ngati munthu woti akaona zaipa aliyatse liwiro.

"Koma alamu, apu yake si iyo ndaibwezeretsa? Yomweyo, chizindikiro chomwecho. Mukupsera mtima chiyani?"

Apu inalidi yomweyo. Koma itatseguka inamulonjera Kasingano ngati mlendo, n'kumuonetsa phunziro loyamba. Pamalo posunga mapulogalamu amene munthu walemba panali mbee.

Kuti mumvetse chimene chinatayika, muyenera kumudziwa mkazi ameneyu, chifukwa anthu amangomva kukalipa kwake osadziwa kumene kwachokera. Dzina loti Kasingano anamupatsa ndi bambo ake, a Telala, poti anali wochepa thupi ndi wobaya pakamwa. Anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu, akutola mapini ndi maginito. Atamaliza sukulu ankafuna za makompyuta, koma kulikonse kumene ankafunsa ankamuuza mawu amodzi: bwera ndi laputopu. Laputopu m'nyumba ya telala? Chamagetsi chachikulu m'shopumo chinali ayironi. Basi anakhala pa makina achiwiri, a pafupi ndi windo, n'kumapinda masiketi.

Tsiku lina mayi wina wa mu ofesi, akudikira kuti amuchepetsere diresi, anamuuza kuti kulemba mapulogalamu munthu akhoza kuyamba pa foni. Anamuikira apu yophunzitsa chinenero cha Python, ya maphunziro afupiafupi, yoti ukaikopera kamodzi imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha. Poyamba penipeni apuyo inapempha imelo kuti atsegule akaunti. Imelo anali nayo, koma anamutsegulira ndi wogulitsa mafoni, ndipo pasiwedi anaiwala kalekale. Anadina pa mawu oti adzatsegula nthawi ina. Nthawi inayo sinafike.

Masiku amenewo anali masiku. Makasitomala akachepa masana, iye ankatsamiritsa foni pa chitini cha mabatani n'kuyamba. Apuyo inkafotokoza pang'ono, kenaka n'kumufunsa kuti adzaze mawu osowa, kenaka n'kumusiya kuti alembe yekha. Pa kiyibodi ya foni zizindikiro zofunika zimabisala, moti kuti apeze kabulaketi kamodzi ankatembenuza kiyibodi kawiri, chala n'kudinanso choyandikana nacho. Mzere wonse sunkakwana pa sikirini, ankachita kugoneka foni chammbali. Akadina batani loyendetsera, nthawi zambiri pankatuluka mawu ofiira omuuza mzere umene walakwitsa. Ankaitukwana foniyo ngati munthu.

A Telala ankayang'anira pamwamba pa magalasi awo omanga ndi ulusi.

"Wakangananso ndi mwamuna wakoyo?"

"Akukana, bambo. Akuti mzere uwu sindinaulowetse mkati mofanana ndi unzake."

"Ndiye akunama? Msoko wokhota ndi wokhota. Ameneyo ndamukonda, ali ndi diso la telala."

Kuyambira pamenepo madalawo anayamba kusendeza mpando. Kasingano anawafotokozera kuti pulogalamu imasunga nambala m'dzina, monga mmene chitini cholembedwa kuti mabatani chimasungira mabatani. Anawaonetsa input, lofunsira munthu, ndi print, lolembera yankho pa sikirini. Atafika pa if, mawu oti ngati zili chonchi chita chakuti, a Telala anamenya tebulo.

"Ntchito yangatu imeneyo. Ngati mimba yaposa chifuwa, onjezera nsalu. Azungu ako angoba nzeru zanga."

Pulogalamu yawo inabadwa choncho. Inkafunsa chifuwa, chiuno, mapewa, mkono ndi msinkhu, n'kunena mamita a nsalu ofunika. Yoyamba inapereka nsalu yoperewera, ndipo a Telala anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati makinawo akudziwa kuti nsalu imafupika ikachapidwa, ndiponso kuti ya maluwa oyang'ana mbali imodzi siidulidwa chozondoka. Makinawo sankadziwa. Ankadziwa zimene auzidwa basi. Choncho bambo ankanena, mwana ankalemba, mzere ndi mzere, miyezi ikupita, maso a bambo akunka nachita mdima.

Chimene chinawakomera kwambiri madalawo n'chakuti pakati pa tizizindikiro tiwiri totsekera mawu munthu ukhoza kulemba chilichonse, makina osakutsutsa. Pamenepo ankalanda foni. Ankaiyandikitsa pamphuno, chala chachikulu chija cholimba ndi singano chikufufuza zilembo, lilime lili panja. Mzere umodzi unkawatengera nthawi yosokera kolala yonse. Ndiye munthu wa mimba akayezedwa, pansi pa mamita pankatuluka kuti, "Uyu sasiya m'mbale, muikire malo a chaka chamawa." Wa mikono yaitali, "Uyu amathyola zipatso osakwera." Makasitomala ankabwera ndi anzawo kudzangoyezetsa kuti amve kuti foni iwanena chiyani.

Panalinso mzere wina umene anauika mochita kunong'ona. Anauza Kasingano kuti alembe if wa chiuno ndi msinkhu wa mayi ake enieni, iwo n'kulemba yankho lake atatembenuka kuyang'ana kukhoma. Mayi atabwera ndi chakudya cha masana anawayeza mwachinyengo. Foni inati, "Uyu usamudulire yotsika mtengo. Ndi wanga." Mayi anawamenya a Telala ndi mpango paphewa, nati ndi nkhalamba yopanda manyazi, koma anapempha kuti aonenso.

A Telala anamwalira nyengo yozizira. Makina awo anavundikiridwa nsalu, ndipo mpando wawo palibe ankaukhalira. Kasingano anapitiriza maphunziro, anafika pa zobwerezabwereza ndi pa mindandanda, analembanso timapulogalamu tina, koma ya bambo ija sanaikhudze ngakhale kadontho. Mayi ake anayamba chizolowezi. Lachisanu lililonse pochokera kumsika ankatulira dengu pakhomo, n'kukweza manja kuti ayezedwe, ngakhale nambala zawo ankazidziwa aliyense.

"Tamufunse bambo ako, lero akuti chiyani."

Kasingano ankalowetsa nambala, mayi ankawerenga okha pang'onopang'ono, ankati "wabodza", n'kusenza dengu.

Kenaka foni ya mlamu inagwera m'ndowa. Anali ndi ulendo wa masiku angapo, abwana ake ankafuna kuti azimupeza, ndipo mkulu wa Kasingano anabwera kudzachonderera. Kasingano anapereka, poti m'bale ndi m'bale. Kunjirako mlamu anafuna kujambula vidiyo ya lole ya mnzake itatitimira m'matope, foni n'kunena kuti malo adzaza. Munthu wanzeru akanafufuta zithunzi zake zomwe. Iye ayi. Anayang'ana apu yodya malo ambiri, naona ya zilembo zachilendo, naganiza kuti ndi masewera, naichotsa. Ndipo apu ikachotsedwa, zimene inasunga m'kati mwake zimapita nayo limodzi. Pobwerera anaikoperanso mwakachetechete, akuyesa kuti wabweza chinthu pamalo pake ngati supuni.

Kasingano anathamangira kwa wokonza mafoni wa pangodya. Uyo anafunsa ngati anali ndi akaunti, anafunsa ngati anatumizapo pulogalamuyo kwina, anayang'ana ngati foni inkasunga zinthu zake pa intaneti. Zonse ayi. Anam'bwezera foni ndi manja awiri.

N'chifukwa chake tsopano anali chiimire ndi sizasi, ndipo tsikulo linali Lachisanu.

"Wokonza mafoni uja wandiuza zonse," anatero mlamu, atapeza pothawira. "Mukanatsegula akaunti, bwenzi zonse zilipo. Kulakwa nkwanu komwe."

"Ndikudziwa. Kwangako ndikulira nako ndekha, sindikusowa dalaivala wondiwerengera. Chitseko ndikachisiya chosakhoma, ndiye kuti mulowe mutaye katundu? Munandifunsa? Mkazi wanu ali ndi foni, munamuimbira?"

"Maphunzirowo mubwereza. Mutu wanu ndi wakuthwa, sabata imodzi mwafika."

"Maphunziro ali m'mutu muno, sindikulira maphunziro. Masamu a nsalu ndikhoza kuwalembanso dzuwa lisanalowe."

"Eya, ndiye vuto lili pati?"

Kasingano anatsitsa sizasi. Dzulo lake anayesadi kuilembanso pulogalamu ija. Masamu anabwera onse. Koma atafika pa munthu wa mapewa akugwa, anapeza kuti sakukumbuka zimene bambo ananena. Ankakumbuka kuti anthu anaseka, ankakumbuka fungo la nsalu yopsa ndi ayironi tsiku lomwelo, koma mawuwo ayi. Sanawasunge pamtima chifukwa ankadziwa kuti ali m'foni.

Mlamu anaona kuti sizasi yatsika, nayesa kuti nkhondo yatha. Analowetsa phazi lachiwiri lija.

"Za amayi musadandaule. Mzere wawo uja mukuudziwa, tonse timaudziwa. Ingoulembaninso msangamsanga. Zilembo za foni n'zofanana, sadziwa kuti walemba ndani."

Sizasi inagwera patebulo. Kasingano analankhula motsitsa, ndipo amene amamudziwa amaopa kutsitsako kuposa kukuwa.

"Ndilembe ine kuti ndi wanga. Ndi chala changa. Mayi anga awerenge, aseke, anene kuti wabodza, akuyesa kuti ndi amuna awo. Lachisanu lino, ndi linalo, mpaka adzafe. Kuti inu mugone bwino."

"Sindinatero, alamu."

"Mwatero."

Pawindo Kasingano anaona dengu la mayi ake likubwera pamwamba pa mitu ya anthu, likuyenda pang'onopang'ono, kupatuka pa ngalande, kuima kaye pa wogulitsa makala. Mlamu naye analiona, nayamba kufufuza makiyi a lole m'thumba. Kasingano anafika pakhomo iye asanafike. Anakoka mpando wa a Telala, umene unali usanasunthidwe chimwalirireni mwini wake, nauika pakati pa shopu. Anavula tepi m'khosi n'kumukoleka mlamuyo, foni n'kumuika m'manja.

"Khalani apa. Kuyeza muwayeze ndinu, nambala mulowetse ndinu. Akakufunsani kuti bambo akuti chiyani lero, musayang'ane ine. Muwayang'ane kumaso, muwauze kumene mwawapititsa amuna awo. Muwayankhe, alamu."