Mayi Anakana Makiyi a Chila

Mayi anga kuntchito amawatchula kuti a Sindinaone, ndipo dzinali amalikonda zoopsa! Anayamba ndi kutsuka mafyuluta, pano ndi amene amayang'anira makina onse pa hotela. Mukawauza kuti chinthu chakonzedwa, amangoti, "Sindinaone." Ngakhale ine ndikati mbale ndatsuka.

Ndiye hotela inagula chila yatsopano, chimakina choziziritsa madzi amene amazungulira m'mapaipi n'kumaziziritsa zipinda. Kontrakitala woika makinawo asanapereke makiyi pamakhala pulani ya mayeso: chitani chakuti, makina ayankhe chakuti. Mayi anachita makani kuti akhalepo, poti akontrakitala akachoka, wotsala yekha m'chipinda cha makinacho ndi iwo.

Yeso lina linali losavuta. Mapampu alipo awiri, ina imagwira ntchito, ina imadikira. Ukaimitsa yoyamba, inzake idzuke yokha. Anaimitsa, ina ija vuu! Anthu m'manja phwaphwa.

Koma Mayi anaona kuti mkulu wina wa magetsi watulukira kuseri kwa bokosi la maswichi, akuimba kaluzu ngati munthu wosalakwa.

"Achimwene, kuseriko mumatani?"

"Ndimapuma, mayi."

"Mumapuma ndi chala?"

Eee, akuti kuseka kwake! Kontrakitala yekha ndi amene sanaseke. "Amayi, pampu yadzuka kapena sinadzuke?"

"Yadzutsidwa. Pulani yanu yomweyi ikuti yokha. Kapena bambowa mundisiyira, azigona kuseriko?"

Manijala wa hotela anawakokera Mayi pambali. "Chemwali, musatichititse manyazi. Alendo akubwera, eni hotela akudikira m'mwambamu. Landirani makiyi, zinazo akonza pambuyo."

"Bwana, pampu ikadzafa ine ndili padenga, zipinda n'kutentha, mudzakalipira ndani? Awa adzakhala atapita."

"Mukudziwa kuti ntchito imatha?"

"Ithe lero, ndili ndi mboni."

Kenako, tamverani izi, anauza azibambo onse aja kuti aime kukhoma, manja m'mwamba ngati ana olakwa m'kalasi! Mpaka injiniya wa tayi, amenenso anayamba kukweza ndi iyeyo. Mayi anayatsanso pampu yoyamba ija, maswichi onse pa otomatiki, n'kuimitsa.

Zii. Pampu yachiwiri osagwedezeka n'komwe. Madzi atasiya kuyenda chila inadzizimitsa yokha, monga iyenera kuchitira kuti madzi asaundane m'kati, alamu n'kuyamba kulira. Zinapezeka kuti waya wochoka ku kompyuta yolamulira makina kupita ku pampuyo anali asanalumikizidwe.

Kontrakitala anayesabe kuwapatsa makiyi, akuti n'kanthu kakang'ono. Mayi manja m'thumba la ovolosi. Manijala anakwera yekha kukafotokozera eni hotela, nkhope ili gwa, ndipo mpaka pano Mayi sawapatsa moni manijalayo.

Koma ntchito ilipo! Mayeso abwereza Lachinayi, ndipo Mayi anena kale kuti mkulu wa magetsi uja adzaime pambali pawo, atawanyamulira chikwama ndi manja onse awiri.