Mboni ya Geua

Geua Vagi anagulitsa buai, mtedza wotafuna wofiiritsa mano uja, pa siteji ya basi ku Port Moresby kuyambira ali mtsikana. Chaka chatha achifwamba anamugubuduzira tebulo, namutema ndi botolo pamwamba pa diso. Mmodzi wa iwo Geua anamuthyola mkono ndi chitsulo cha ambulera. Akumusoka kuchipatala ananenetsa kuti zamsewu wathana nazo.

Golosale ina yaikulu inkafuna wolandira katundu. Msuweni wake Dika, amene amatayipira anthu makalata, anamulembera CV, koma zaka zonse za buai anazisiya.

"Ndiye ndinali kuti ine, kumanda?" anafunsa Geua atamukoka khutu.

"Achemwali, buai si ntchito!"

"Lemba! Wodzilemba yekha ntchito. Kuwoda katundu, kukana woola, kuika mitengo, kusamala makasitomala."

Dika analemba khutu likuyaka. Kunatsala mboni, munthu woti abwana amuimbire foni, ndipo asakhale wachibale. Apa panavuta, chifukwa kudera kwathu aliyense ndi m'bale wa Geua, kaya mwa magazi kaya mwa ukwati. Wakunja wodziwa ntchito yake anali mmodzi, Kaupa, wopikulitsa buai pamatumba, yemwe ankakangana naye sabata iliyonse.

Geua anapita kumsika wa Kaupa CV ili m'pulasitiki. Anyamata a Kaupa atangoona chipsera chija ndi mayendedwe ake, anaganiza kuti wabwera ndi ndewu ndipo sanafunse. Mwala woyamba unamuphonya, wachiwiri unamupeza paphewa. Alamu ake a Geua ogulitsa fodya chapafupi anathamangira ndi matabwa, wina ndi chikwanje. Matebulo anasweka, laimu wotafunira buai anangoti mbuu, ndipo pansi sukanadziwa kuti awa ndi magazi kapena malovu a buai. Geua analowa pakati dzanja limodzi litakweza pulasitiki m'mwamba, linalo likugwira ntchito. Anamupeza Kaupa kuseri kwa matumba, namugwetsa, namukhalira pachifuwa.

"Mayi, tengani thumba lonse!" analira Kaupa mlomo utang'ambika.

"Thumba la chiyani, chitsiru iwe? Nambala yako ya foni. Ndipo Kaupa amalembedwa ndi K kapena C?"

Sabata yotsatira abwana a golosale anaimbadi. Mkazi wa Kaupa, amene anandiuza izi, akuti mwamuna wake anaimirira ngati ali m'tchalitchi.

"Bwana, mayi ameneyo chinthu choola sichimudutsa. Sanajombepo ngakhale tsiku lamvula. Mulembeni lero lomwe, chonde. Ndipo muzimupatsa ntchito mpaka Loweruka, asamapeze mpata wobwera kuno."

Anamulemba, poyamba miyezi itatu yoyeserera. Ndinamuona dzana atavala yunifolomu yabuluu, akubweza makatoni a nsomba zam'chitini ophwanyika. Dalaivala wa lole anatsegula pakamwa kuti atsutse, mnzake n'kumugwira malaya.