Kukana Mgodi Mwaulemu

Kwathu ku Chiwaridzo, mu tauni ya Bindura, munthu sakana ntchito. Ntchito ndiyo imakana munthu, ndipo nthawi zambiri imakana osayankha n'komwe. Ndiye chaka chimene ntchito ziwiri zinandikodola nthawi imodzi, m'nyumba mwathu munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti inayo amaikana bwanji.

Ndinali nditangomaliza kosi ya mu labotale. Kalata imodzi ndinaponya ku mgodi wa golide, kumene ankafuna munthu woyeza miyala. Ina ndinaponya ku sukulu ya sekondale kunja kwa tauni, kumene ankafuna wosamala labotale ya ana. A mgodi anandiitana ku intavyu yoyamba, kenako anandipatsa tsiku la yachiwiri. Ndikudikira tsikulo, a sukulu anaimba foni kuti anditenga. Ya ku sukulu inali yokhazikika, ndi kanyumba komwe. Ya ku mgodi inali ya kontilakiti ya miyezi yochepa. Mtima wanga sunavutike kusankha.

Amene anavutika ndi amalume. Achimwene a mayi angawa anagwira pansi pa mgodi womwewo mpaka msana unakana, ndipo tsopano anali alonda a pageti, pa kontilakiti yongowonjezera chaka ndi chaka. Aliyense wodutsa pageti paja anali atauzidwa kale kuti mwana wa mlongo wawo akubwera kudzavala chovala choyera. Ndikukhulupirira kuti ngakhale oyendetsa malole ochokera ku Harare ankandidziwa.

Ndinawauza kuti ndidikira kaye kalata ya ku sukulu, ndisaine, kenako ndilembere a mgodi kuti ndachotsa dzina langa. Mawu a pafoni si ntchito. Munthu sutaya mtondo wakale watsopano usanaseme.

“Uwalembere kuti chiyani?” anafunsa amalume.

“Kuti ndapeza kwina.”

“Maiwe! Aikona, mwana iwe. Bwana samuuza kuti wapeza kwina. Kumeneko n'kutukwana. Iwe ukachoka, ine ndiye ndimatsala pageti. Pepala langa la chaka chamawa amasaina ndani? Si ofesi yomweyo?”

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Mantha awo anali enieni. Ndinawalonjeza kuti ndidzalemba mwaulemu, iwo n'kungoti “zvakanaka”, ndiye kuti chabwino m'Chishona, mokhala ngati munthu amene wapanga kale maganizo ake.

Kalata ya ku sukulu itafika ndinasaina, n'kukabweza. Pobwerera mu minibasi, imene kuno timati kombi, foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito ku mgodi, yemwe uja anandifunsa mafunso ulendo woyamba. Anayamba ndi mawu opepesa maliro m'Chishona, nematambudziko. Anati amva kuti agogo anga amwalira ndipo ndapita ku Malawi. Ndisadandaule, intavyu aisuntha, andidikira mpaka ndibwere.

Agogo angawo anamwalira ine ndisanabadwe. Ku Malawi sindinapondeko, ngakhale pasipoti ndinalibe. Ndinatsika kombi ndikudziwa kale amene wachita izi, n'kulunjika kunyumba.

Amalume ndinawapeza pakhonde akupukuta nsapato za kuntchito, nkhope ili mbee ngati ya munthu amene wathandiza kwambiri.

“Amalume, mwapha agogo kachiwiri?”

“Sindinaphe munthu wamoyo ine,” anayankha. “Ndinasankha bwinobwino. Ifetu ndi mmene tinkachokera pa basa, pa ntchito paja. Umati ndikupita kumaliro kumudzi, basi. Bwana sakhumudwa, iwe sukhumudwa. Akadikira n'kutopa amalemba wina.”

“Nanga akakumana nane mu tauni? Mayi amene uja amakhala ku Aerodrome, mu tauni momuno. Tomato timagula pamsika umodzi!”

Apa anasiya kupukuta nsapato. Kale munthu akati wapita ku maliro ankasowadi, mwina ali ku mgodi wina kutali. Za mwana wa mlongo wawo amene azidutsa mu tauni yomweyo m'mawa uliwonse sanaziganizire. Ndinawonjezeranso kuti panali anthu ena amene anachita nane intavyu yoyamba, ndipo tsopano akudikira maliro a munthu amene manda ake anamera kale mitengo.

Mkwiyo utaphwa ndinaona kuti ndagwira njakata. Kupitiriza bodzalo sindikanatha. Kulemba kuti mlonda wanu wanama kunali kuwachotsa ntchito ndi dzanja langa, chifukwa kalata imalowa mu faelo ndipo faelo siiwala. Mayi anga anati tipemphere kaye. Tinapemphera, kenako ndinatsegula foni.

Amalume anakoka mpando kuti athandize kulemba. Anafuna tiyambe ndi kufunsa za moyo wa banja la bwana ndi za mvula. Anafuna ndilembe kuti ndine wosayenera. Kenako anafuna ndinene kuti dokotala wandiletsa fumbi. Zonsezo ndinakana, ndipo imelo inatuluka yaifupi, m'Chingerezi. Pamutu ndinalemba dzina langa ndi dzina la ntchito ija, kuti asavutike kufufuza. Mkati ndinati: ndikuthokoza kuti munandiitana ndi kundipatsa nthawi yanu, ndavomera ntchito kwina, choncho ndikuchotsa pempho langa ndipo sindibwera ku intavyu yachiwiri, pepani ngati izi zasokoneza dongosolo lanu, ndinasangalala kudziwa za ntchito yanu ndipo ndikukufunirani zabwino posankha munthu. Dzina la sukulu sindinalitchule, za malipiro ayi, za maliro ayi.

“Yomweyi basi?” anatero amalume. “Kalata yowonda chonchi ngati mbuzi ya m'chilimwe?”

Ndinatumiza, kenako ndinaimba foni, chifukwa za maliro zinafunika pakamwa. Ndinauza mayi uja kuti ndatumiza imelo yochotsa pempho langa, kuti ndili mu Bindura momuno, ndipo maliro kulibe. Ndinati m'bale wanga wachikulire anaopa kuti mawu oti ndapeza kwina akhala achipongwe, ndiye anafuna kuwalemekeza mwa njira yachikale. Ndinapempha kuti asamuone ngati munthu wosakhulupirika, chifukwa si mmene alili.

Amalume anali atavula chipewa, ngati kuti mayiyo akuwaona.

Kenako tinamva kuseka. Mayi uja anasiya Chingerezi n'kulowa m'Chishona chosakaniza ndi Chichewa chothyokathyoka. Anati iye anakulira pa famu, bambo ake anachokera ku Mozambique, ndipo mayi a bambo akewo anaikidwa m'manda pa famu iliyonse imene bambowo anasiyapo ntchito. Anathokoza kuti ndamuuza msanga, poti tsopano aitana enawo sabata yomweyo. “Sekuru wako, amalume akowo, uwauze kuti mawa asandithawe pageti,” anatero.

Mawa lakelo amalume anapita kuntchito ngati wopita kukhoti. Anabwera madzulo akuyenda mwamatama. Mayi uja anatsitsa galasi la galimoto, n'kuwafunsa ngati maliro anayenda bwino, ndipo alonda anzawo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Za kontilakiti palibe anatchula, ndipo nthawi yake itakwana anaiwonjezera.

Yankho la imelo linafika tsiku lomwe lija amalume anasekedwa pageti. Linali la mizere iwiri: zikomo potidziwitsa, tikukufunirani zabwino, mudzalembenso mpata ukadzapezeka. Ndinawamasulira amalume m'Chichewa. Anati ndibwereze, ndinabwereza.

“Wawakana, iwo n'kunena kuti zikomo?”

“Eya, amalume.”

Anasisita msana wawo uja. Ine ndinali nditakonzeka kuwaseka, koma nkhope yawo inandimvetsa chisoni. Munthu anapereka moyo wake wonse ku mgodi osadziwa kuti ungathe kuuyankha kuti ayi.

“Mwana wa mlongo wanga,” anatero motsitsa mawu, kuti mayi asamve, “inetu ndatopa. Ndikadzakuuza kuti basi, udzandilembere yowonda yomweyi.”