Bilu ya Madzi ya Alandilodi

Chaka chimene mwana wanga woyamba ankayenera kulowa giredi wani, dzina lake silinatuluke pasukulu ya kwathu ku Tafara. Ndinawerenga mayina pazenera la ofesi kuyambira pamwamba, ndinayambiranso pansi, kuti mwina labisala. Panalibe. Sukulu ina yokhala ndi malo inali yokwerera kombi n'kuwolokanso msewu waukulu, ndiye mwana wangayo ndi uja akaona nkhuku amathamanga osayang'ana uku ndi uku.

Ine maofesi ndimawaopa. Makolo anga anakulira m'mafamu, ndipo anatiphunzitsa kuti munthu wogwira cholembera umangomuvomera n'kubwerera. Komabe m'mawa mwake ndinamusambitsa mwana, kumudzoza mafuta mpaka kunyezimira ngati chitumbuwa, m'njira monse ndikumuphunzitsa kutsokomola komvetsa chisoni. Titalowa mu ofesi ndinagwada.

"Dzukani amayi, pakolopedwa kumene pamenepo," anatero mayi wolemba mayina. "Mwabwera ndi chiyani chatsopano?"

"Mwanayu."

"Tinamuona kale. Munafunsa chimene anakanidwira?"

Ine sindinkadziwa n'komwe kuti zimafunsidwa. Mwana anatsokomola, kenako n'kundifunsa mokweza ngati watsokomola bwino.

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndiye n'kundifotokozera. Sukulu imayamba yatenga ana a m'deralo, ndipo umboni wa kumene ukukhala ndi bilu ya madzi. Ine, poti ndife maloja, ochita lendi chipinda m'nyumba ya eni, ndinapereka ya alandilodi. Koma bilu yomweyo inabweranso ndi mulu wa ana ena, onse a msinkhu umodzi, aliyense ndi dzina la bambo ake.

"Nyumba ya zipinda zinayi, amayi. Ndi nyumba kapena khola la anapiye? Tinawaika pambali onsewo."

"Komatu ife timakhaladi pamenepo!"

"Onse amatero. Ngati simukhalapo, musadzivute, kafuneni malo kwanuko. Ngati mumakhaladi, lemberani ahedi msanga malo asanathe. Mutchule chifukwa chimene tinakanira, mubweretse chimene sitinachione. Bilu ija ayi. Eni nyumba akalumbire papepala kuti ndinu loja wawo, mutengenso khadi la kusikelo ngati lili ndi nambala ya nyumbayo."

Alandilodi athu anali bambo achikulire opuma pantchito, amtima wofewa ngati nthochi. Aliyense wa kutchalitchi wokhala ku Caledonia, kunja kwa dera la sukuluyo, akawadandaulira, ankangomupatsa bilu kuti akajambulitse. Nditawauza, anakhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Andimanga, mwana wanga."

"Akakumangani inu, bambo, ine andisiya?"

Tinaopsezana choncho mpaka tiyi anazizira. Pamapeto pake anavala jekete la maliro, tinapita kwa olumbiritsa anthu pafupi ndi mashopu. Atafunsidwa ngati zolembedwazo n'zoona, anakweza manja onse awiri. Kalata ndinalemba ndekha, mizere yochepa. Khadi la kusikelo linali lothimbirira ndi phala koma nambala ya nyumba inkawerengeka, yolembedwa mwana ali wakhanda.

Mayi wina wa ku Caledonia atamva, anabwera kudzapempha kuti mwana wake azigona kwathu mlungu umodzi, kuti naye akadandaule kwa ahedi. Ndinamuuza kuti chatsopano alibe, akungowonjezera bodza pabodza. Anandinyanyalira mpaka Khirisimasi.

Tsiku loonana ndi ahedi, alandilodi anaumirira kutiperekeza, ati kuli bwino kukadzipereka kusiyana n'kudzatengedwa anthu akuona. Ahedi anawerenga kalata, pepala lolumbira, khadi. Ine maso ali pachitseko, kudikira wapolisi.

"Bambo, ndinu eni nyumba yobereka kwambiri ija?"

"Ndine, bwana. Ndinalakwa."

"Pa ana onse aja, okhala kwanu ndi angati?"

"Mmodzi yekha, ndipo akukwana!" Mantha anawathera pomwepo, chala chili pa mwana wanga. "Uyu anandizulira tomato yense kuti aone ngati mizu yakula. Anaponya nsapato yanga m'mgolo wa madzi, madzi oti tapanga mzere kuchitsime kuyambira m'mawa, mpopi utauma. Mano anga oikirira anaveka galu! Mutengeni, bwana, chonde, mpaka madzulo ngati n'kotheka."

Ine ndinkawakoka jekete kuti asiye, akuwonongera mwana mbiri. Iwo osamva, afika kale pa nkhani ya wailesi. Mwana naye n'kumawakonza: "Sanali galu, agogo, anali mphaka."

Ahedi anabisa nkhope m'faelo, mapewa akugwedezeka. Atadzutsa mutu anawauza alandilodi kuti bilu ija isadzaonekenso pasukulupo ndi mwana wa eni, iwo n'kulumbiranso ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mapepala anu akwana, amayi. Malo otsala alipo m'kalasi ya masana. Koma mphunzitsi wake ndiyamba ndamuchenjeza."

Ndinathokoza m'Chishona, m'Chichewa, ndi m'Chingelezi chimene sindichidziwa, ndipo tinatuluka chothamanga asanasinthe maganizo.