Masilaidi a madoko makumi atatu

Ndinagwira ntchito zaka zinayi ku bungwe lina loona za usodzi ku Mangochi, ndipo ntchito imene inandithyola msana inali yokonza masilaidi. Miyezi itatu iliyonse tinkaitana makomiti a madoko makumi atatu, kuyambira ku Nkope mpaka ku Makanjira, n'kuwaonetsa pakhoma momwe doko lililonse layendera. Zonse zinkakhala mu Excel, doko lililonse mzere wake: dzina, mabwato, ndi maukonde oletsedwa amene apezeka, makamaka masikito. Ine ndinkakopera kabokosi kamodzikamodzi kupititsa mu PowerPoint. Masiku atatu athunthu, maso kuchita kuwotcha.

Tsiku lina opereka thandizo anatumiza uthenga woti zilembo zonse zikhale za mtundu umene iwo amagwiritsa ntchito, fonti yawo. Ndinayamba kusintha silaidi imodziimodzi ndikutukwanira mumtima, mpaka ndinatulukira kuti pali malo pomwe umangosankha fonti yakale ndi yatsopano, zonse n'kusinthira limodzi. Zinandipsetsa mtima kuposa kundisangalatsa. Zaka zonsezi ndimavutikiranji?

Mkwiyo umenewo ndi umene unandiphunzitsa kulemba makro, timalamulo tomwe umalembera kompyuta kuti izibwereza yokha ntchito. Ndinakonza silaidi imodzi yachitsanzo. Makroyo inkaikopera, kutenga mzere woyamba wa mu Excel, kuika dzina la doko pamwamba, manambala m'malo mwake, kenako n'kupita pa mzere wotsatira. Ntchito ya masiku atatu inkatha tiyi asanazizire. Ndinathamanga kukawaonetsa abwana ngati mwana amene wakhoza mayeso. Kupusa kwanga kunali komweko.

Kontirakiti yanga inkatha mwezi wotsatira, ndipo ndinkaganiza kuti tsopano sangandisiye.

M'mawa wa tsiku la msonkhano abwana anandipatsa fulashi, galimoto ikulira kale panja.

"Achemwali, ndawasanja madoko motsatira alifabeti, aoneke bwino. Ingodinani kanthu kanu kaja tizipita."

Ndinadina. Masilaidi makumi atatu anatuluka, osalala bwino. Sindinawawerenge, ndipo limenelo ndi tchimo langa, sindikana. Chomwe sindinadziwe n'chakuti iwo anasankha mndandanda wa mayina wokha. Excel imafunsa ngati ukufuna kusanja pamodzi ndi zonse zoyandikana nazo, koma iwo anasankha kupitiriza ndi mayina okhawo. Mayina anasuntha, manambala anatsala pomwe anali. Makro sidziwa nyanja, imangonyamula chomwe yapeza pa mzere. Pokopera pamanja ndikadaona msanga, chifukwa madoko onsewo ndinkawadziwa ngati ana anga.

Pakati pa msonkhano pakhoma panatuluka dzina la doko lina la ku Lungwena, pansi pake masikito ochuluka kuposa kwina kulikonse. Wapampando wa doko limenelo anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo wa Angilikani. Munthu ameneyu anawotcha ukonde wa mphwake weniweni anthu akuona, ndipo achibale ena samulankhula mpaka lero. Anzake a madoko ena anayamba kuseka. Iye anaimirira pang'onopang'ono atagwira chipewa.

"Bwana, ife tadana ndi abale chifukwa cha ntchito yanuyi. Lero mwatiitanira kudzativula pagulu?"

Abwana sanaphethire n'komwe.

"Pepani bambo. Ndi kamakina ka mtsikana wathuyu, kamasokoneza."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinali ndi laputopu pamiyendo, fayilo yadzulo ili momwemo. Ndikadatha kuitsegula n'kuiika pambali pa yawoyo, aliyense n'kuona. Koma wamkulu salakwa, ndipo ine ndinkafuna kontirakiti. Ndinaimirira, ndinapinda bondo, n'kupepesa bambo aja pa mlandu wa munthu wina. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, dzina la munthu silidinidwa ngati batani." Anatuluka osadikira chakudya.

Kugwada kwanga sikunagule kanthu. Mwezi utatha abwana anandiuza kuti ntchito ya masilaidi yachepa, sikufunikanso munthu wakewake. Makro ija, yomwe amati imasokoneza, inatsala mu kompyuta ya ofesi.

Patapita miyezi itatu foni inalira ndili pa mzere wa chigayo. Abwana.

"Achemwali, muli bwanji kunyumbako? Kanthu kanu kaja kakuika mabwato pamalo pa masikito. Tangowonjezera mndandanda umodzi pakati basi."

Yankho ndinkalidziwa asanamalize. Makroyo inkawerenga mindandanda potsata malo ake, ndiye ukalowetsa wina pakati, zonse za kutsogolo zimasuntha. Mawu oipa anafika pakhosi. Koma kalata yondichitira umboni kuti ndikafunsire ntchito kwina inali isanasainidwe, ili pa tebulo lawo.

Ndinawauza kuti ausunthire kumapeto mndandanda watsopanowo. Ndinadikira pa foni mpaka zinatheka, ndinawathokozanso poimba.

Kalata inabwera sabata yotsatira. Analemba kuti ndine wolimbikira ntchito, koma ndimafunika kuyang'aniridwa.